Ngongole zitatu pa tebulo: yotchipa ndi iti?

Funso: Zikomo akatswiri. Ndikufuna kubwereka ndalama zokwana 1,000,000 ndipo ndafunsa malo atatu. Oyamba akuti chiwongoladzanja chawo ndi 2 peresenti yokha pamwezi, ndizibweza 103,333 kwa miyezi 12, koma adula 5 peresenti poyamba. Achiwiri akuti 36 peresenti pachaka, ndizibweza 100,462 kwa miyezi 12, adula 2 peresenti. Achitatu akuti 30 peresenti pachaka, sadula chilichonse, ndizibweza 43,452 basi pamodzi ndi inshulansi, kwa miyezi 36. Amuna anga akuti titenge ya 2 peresenti, ine mtima uli pa ya 43,452 chifukwa 100,000 pamwezi tingakwanitse koma mopanikizika. Akulondola ndani?

Yankho: Mayi, musanasankhe pakati pa maganizo anu ndi a bambo, tengani pepala ndi cholembera, chifukwa nambala imene ingathetse nkhaniyi palibe pa atatuwo amene wakuuzani. Bambo ayang'ana peresenti, inu mwayang'ana zapamwezi. Zonse ziwirizi wobwereketsa angathe kuzichepetsa pamaso panu popanda iye kutaya kalikonse. Peresenti amaichepetsa posintha kawerengedwe kake, zapamwezi amazichepetsa potalikitsa nthawi. Chimene sangachibise ndi ndalama zonse zimene zidzatuluke m'thumba mwanu kufikira tsiku lotsiriza, mukaziika pambali pa ndalama zimene zidzafikedi m'manja mwanu tsiku loyamba.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chulukitsani zobweza pamwezi ndi chiwerengero cha miyezi. Onjezerani china chilichonse chimene mudzalipire pambali chifukwa cha ngongoleyo. Kenako chotsanimo ndalama zimene mwalandira. Zotsalazo ndiwo mtengo wa ngongole.

Kwa oyamba aja, 103,333 kwa miyezi 12 ikukwana pafupifupi 1,240,000. Koma simudzalandira 1,000,000, chifukwa akadula 5 peresenti yawo mutsala ndi 950,000. Ndiye kuti ngongoleyi idzakudyerani 290,000. Kwa achiwiri, 100,462 kwa miyezi 12 ndi 1,205,544, ndipo mudzalandira 980,000, kotero mtengo wake ndi 225,544. Kwa achitatu, 43,452 kwa miyezi 36 ndi 1,564,272 pa 1,000,000 yathunthu imene mudzalandire, ndiye kuti mtengo wake ndi 564,272.

Taonani mmene zakhalira. Ngongole ya peresenti yooneka yaing'ono yaposa inzake ya 36 peresenti ndi ndalama zoposa 64,000, pa nthawi yofanana. Ndipo imene imaoneka yopepuka pamwezi ija idzakutengerani zoposa theka la ndalama zimene mwabwereka. Komabe musafulumire kuwataya achitatuwa, ndibwereranso kwa iwo.

Ndiyambe ndi ya bambo, poti pamenepa m'pamene anthu ambiri ozindikira amagwera. Munthu akamva 2 peresenti pamwezi amachulukitsa ndi 12 n'kupeza 24 peresenti pachaka, ndipo amati 24 ndi yochepa kwa 36. Masamuwo ndi olondola, koma zinthu ziwiri zikufananizidwazo si zamtundu umodzi. Funso lofunika ndi lakuti: peresentiyo akuiwerengera pa ndalama ziti?

Achiwiri aja akuwerengera pa ngongole yotsala. Peresenti 36 pachaka ndi 3 pamwezi. Mwezi woyamba muli ndi ngongole ya 1,000,000, choncho chiwongoladzanja ndi 30,000, ndipo pa 100,462 imene mwapereka, 70,462 yapita kukachepetsa ngongole yeniyeniyo. Mwezi wachiwiri ngongole yatsala 929,538, chiwongoladzanja chatsika kufika pa 27,886. Chimapitirira kutsika choncho mwezi ndi mwezi, mpaka mwezi wotsiriza chimakhala chosakwana ndi 3,000 yomwe. Mumalipira pa ndalama zokhazo zimene zikadali kwa inu.

Oyamba aja akuwerengera mwa njira imene ambiri amaitcha kuti fulati. Amatenga 2 peresenti ya 1,000,000, yomwe ndi 20,000, n'kuiika pa mwezi uliwonse mosasintha, kaya mwabweza zingati. Ndadziwa zimenezi ngakhale sanakuuzeni, chifukwa 20,000 kuchulukitsa ndi 12 ndi 240,000, ndipo ndi yomweyo ili pamwamba pa 1,000,000 m'nambala zawo. Mwezi woyamba palibe cholakwika, 20,000 ndi 2 peresenti ndithu. Koma pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri mwabweza kale theka la ngongole, ndipo akulipiritsabe 20,000 pa 500,000 yotsala, yomwe ndi 4 peresenti. Mwezi wotsiriza mwatsala ndi 83,333 yokha, iwo akufunabe 20,000, ndiye kuti 24 peresenti pa mwezi umodzi. Zili ngati kuchita lendi nyumba ya zipinda khumi ndi ziwiri, mwezi uliwonse n'kumabweza kiyi wa chipinda chimodzi, koma mwininyumba n'kumalandirabe lendi ya nyumba yonse.

Mukaisandutsa fulati ya 2 peresenti imeneyi kuti ikhale yowerengera pa zotsala, imafika pafupifupi 3.5 peresenti pamwezi. Pa ngongole zobweza pang'onopang'ono kwa chaka kapena kuposerapo, kawirikawiri fulati imakhala pafupi kuwirikiza kawiri ikasandutsidwa motere, ngakhale sifika penipeni pa kawiri. Chifukwa chake n'chakuti mukatenga nthawi yonse ya ngongole, ndalama zimene zimakhala m'manja mwanu ndi zongopitirira pang'ono theka la zimene munabwereka.

Tsopano za kudula kuja. Ambiri amakuona ngati kanthu kakang'ono ka pa tsiku losayina, n'kuiwala. Ine ndimakuona ngati chiwongoladzanja chovala dzina lina, ndipo chimapweteka pawiri. Koyamba, 50,000 ija yapita musanaigwire. Kachiwiri, mudzalipirabe chiwongoladzanja pa 50,000 yomweyo kwa chaka chathunthu, chifukwa m'mabuku mwawo ngongole yanu ndi 1,000,000. Mukaphatikiza kudulako, 3.5 peresenti ija imakwera kufika pafupifupi 4.4 peresenti pamwezi. Ya achiwiri nayo imakwera, kuchoka pa 3 kufika pafupifupi 3.3. Ngati muli ndi pulogalamu yowerengera ya matebulo pa kompyuta kapena pa foni, mungathe kudzionera nokha polemba chiwerengero cha miyezi, zobweza pamwezi ndi ndalama zimene mwalandira:

```
=RATE(12,-103333,950000)
```

Yankho lidzatuluka pafupifupi 0.044, kutanthauza 4.4 peresenti pamwezi. Koma ngakhale mulibe zimenezi, kuchulukitsa kwa papepala kuja kwakuuzani kale zofunika.

Palinso mfundo ina pa kudulaku. Mwanena kuti mukufuna 1,000,000. Ngati chimene mukufuna kuchitacho chikufunikadi ndalama zonsezo, 950,000 sikwanira, ndipo mudzayenera kubwereka zochulukirapo kuti zotsala akadula zikwane. Kwa oyamba mungafunike kusayinira pafupifupi 1,052,600, n'kudzabweza pafupifupi 1,305,000. Kwa achiwiri mungasayinire pafupifupi 1,020,400, n'kudzabweza pafupifupi 1,230,000. Apa ndiye mwafananiza zofanana, ndipo kusiyana kwafika pa 75,000. Njira yachidule ndi kugawa zonse zobweza ndi zimene mwalandira: pa 100 iliyonse yofika m'manja mwanu, oyamba mudzawabwezera pafupifupi 131, achiwiri 123.

Tibwere kwa inu tsopano, mayi, ndi 43,452 yanu. Sindikudabwa kuti mtima wanu uli pamenepo, ndipo nkhawa yanu si yopanda pake. Amene amaona mmene ndalama zimathera pakhomo mwezi usanathe amadziwa kuti ngongole yotchipa papepala koma yosakwanitsika pamwezi imathera ku zindapusa. Vuto ndi lakuti kuchepa kwa zapamweziko sikukuchokera pa kutchipa. Kukuchokera pa kutalika kwa nthawi, ndipo mwezi uliwonse wowonjezerawo uli ndi chiwongoladzanja chake.

Taganizirani mmene zinthu zidzakhalire chaka choyamba chikatha. Mudzakhala mutapereka 521,424. Munthu angayembekezere kuti ngongole yatsika ndi theka, kapena ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poti nthawi yadutsa motero. Koma mukadzafunsa zotsala adzakuuzani kuti ndi pafupifupi 759,000. Pa ndalama zonse munapereka zija, zimene zinachepetsadi ngongole ndi pafupifupi 241,000 zokha, zina zonse zinapita ku chiwongoladzanja ndi inshulansi. Palibe chinyengo pamenepa. Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi 25,000, inshulansi 1,000, ndiye pa 43,452 zotsala zochepetsera ngongole ndi 17,452 basi. Ngongole ikamatsika pang'onopang'ono chonchi, chiwongoladzanja chimakhalabe pamwamba kwa nthawi yaitali. Anthu ambiri amazindikira izi mochedwa, pamene akufuna kutseka ngongole kapena kuisamutsira kwina, n'kuyamba kuganiza kuti aberedwa.

Apa pali malire a njira yathu yowerengera zonse zobweza, ndipo ndikufuna muwamvetse bwino. Njirayi imaweruza molungama pokhapokha ngongole zikufananizidwazo zili za ndalama zofanana ndi nthawi yofanana. Kuika ya miyezi 36 pambali pa ya miyezi 12 kumakuuzani zoona za zimene mudzalipire, koma sikukuuzani kuti wobwereketsa wodula ndani, popeza wina wakusiyirani ndalama zake nthawi yotalika katatu. Ndipo mukawerengetsa bwino, achitatuwa ndiwo ali ndi mtengo wotsika pamwezi kuposa onse: 2.5 peresenti pa zotsala, yomwe pamodzi ndi inshulansi ikufika pafupifupi 2.65 peresenti, ndipo sakudula kanthu poyamba. Chimene chikukudulirani si wobwereketsayo ayi, ndi miyezi 36 imene wakusankhirani.

Choncho bwererani kwa iwo mukawafunse kuti akuwerengereni ngongole yomweyo pa nthawi zofupikirapo. Ngati asunga 30 peresenti yomweyo ndi inshulansi ya 1,000 pamwezi, zikhala motere. Pa miyezi 12 muzibweza 98,487, zonse pamodzi 1,181,844, mtengo wake 181,844, ndipo imeneyi ndi yotchipa kuposa zonse zili pa tebulo lanu. Pa miyezi 18 muzibweza 70,670, zonse 1,272,060. Pa miyezi 24 muzibweza 56,913, zonse 1,365,912. Taonani kusiyana kwa miyezi 24 ndi 36: powonjezera pafupifupi 13,500 yokha pamwezi, mukupulumutsa ndalama zoyandikira 200,000. Pamene nthawi ikutalika, chaka chilichonse chowonjezera chimachepetsa zapamwezi pang'ono kwambiri kuposa chaka cham'mbuyo, koma mtengo wonse umangokwerabe. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti munthu ayambe wasankha wobwereketsa pofananiza zonse zobweza pa nthawi yofanana, kenako n'kusankha nthawi yaifupi kwambiri imene angakwanitse popanda kudzipanikiza.

Kwa inu, poti mwati 100,000 ndi yopanikiza, sindingakukankhireni ku miyezi 12. Ngongole imene imadya zonse zotsala pakhomo imagwa tsiku limene mwana wadwala kapena malipiro achedwa, ndipo chindapusa cha kuchedwa chimene ambiri amalipiritsa chikhoza kufafaniza zonse munkafuna kupulumutsa. Pakati pa miyezi 18 ndi 24 m'pamene ndingayang'ane. Ya miyezi 18 ikudyerani 272,060, yomwe ndi yocheperabe kwa 290,000 ya oyamba aja, chonsecho mwalandira ndalama zonse ndipo muli ndi miyezi isanu ndi umodzi yowonjezera.

Wina angafunse kuti: nanga bwanji osangoyang'ana nambala imene ena amalemba kuti APR, imene imati yaphatikiza zonse? Nambalayi ndi yothandiza, ndipo inabwera chifukwa cha vuto lomweli. Mu 1968 dziko la America linakhazikitsa lamulo lokakamiza obwereketsa kuulula mtengo wa ngongole mwa njira yofanana, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo otere masiku ano. Ngati onse atatu angakupatseni nambalayi yowerengedwa mofanana, igwiritseni ntchito, makamaka pofananiza ngongole za nthawi zosiyana. Koma zimene zimalowa m'nambalayi zimasiyana malinga ndi malamulo a dziko, ndipo zolipira zina, monga inshulansi imene akuti ndi yosakakamiza, zikhoza kutsala kunja. Komanso siikuuzani kuti nthawi yaitali idzakudyerani zingati. M'chitsanzo chathu, ngongole ya miyezi 36 ikanaoneka yabwino kuposa zonse pa nambala imeneyi, chonsecho ndi imene ikutulutsa 564,272. Peresenti ndi ya anthu owerengera, pamene chiwerengero cha ndalama aliyense amachimva ndipo angathe kuchitsimikizira yekha.

Kuti chiwerengero chanucho chikhale choona, chiyenera kukhala ndi zonse. Pemphani ndondomeko ya kabwezedwe yolembedwa, yosonyeza mwezi uliwonse: zobweza, gawo la chiwongoladzanja, gawo lochepetsa ngongole ndi zotsala. Wobwereketsa aliyense wadongosolo ali nayo, chifukwa ndi imene iye mwini amatsatira. Mukaiona, yang'anani mzere wa chiwongoladzanja: ngati nambala ikutsika mwezi ndi mwezi, akuwerengera pa zotsala, ngati ili yomweyomweyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, imeneyo ndi fulati. Yang'ananinso mzere wotsiriza, chifukwa ngongole zina, makamaka zogulira galimoto kapena makina, zimachepetsa zapamwezi posiya chindalama chachikulu choti mudzalipire kamodzi pamapeto. Kenako funsani mafunso awiri, ndipo mayankho ake alembedwe m'ndalama osati m'maperesenti: ndidzalandira zingati m'manja, ndipo ndidzalipira zingati zonse pamodzi? Wina akamazemba mafunso amenewa n'kumabwereza za peresenti yake, ameneyo wakuuzani kale kanthu.

Zimene zimabisala kawirikawiri ndi zolipira pofunsira ngongole, zolipira mwezi ndi mwezi posunga akaunti imene akukukakamizani kutsegula, zoyesera mtengo wa chikole ndi kuchilembetsa, ndiponso msonkho pa zolipirazo kumene lamulo limatero. Pali ina yobisika kwambiri: ena amafuna kuti musungitse gawo la ndalama, tinene 10 peresenti, kwa iwo mpaka mutamaliza kubweza. Amati ndalamazo ndi zanu, ndipo n'zoona adzakubwezerani, koma nthawi yonseyo mukulipira chiwongoladzanja pa 1,000,000 pamene mukugwiritsa ntchito 900,000. Powerengera, zichotseni pa zimene mwalandira, n'kuzichotsanso pa zonse zobweza. Ndalama za mtengo zikhala zomwezo, koma mukazigawa ndi 900,000 muona kuti ngongoleyo yakwera.

Funsaninso ngati chiwongoladzanjacho n'chokhazikika kapena chimasintha. Ngati chimayenda ndi chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya dziko kapena muyezo wina wa pamsika, chiwerengero cha zonse zobweza chimene akupatseni ndi cha lero lokha. Pa miyezi 12 ngoziyi ndi yochepa, pa miyezi 36 ndi yaikulu. Apempheni akuonetseni mmene zapamwezi zingakhalire chiwongoladzanja chitakwera ndi 5 peresenti pachaka, muone ngati mungapirire. Kukwera kwa mitengo ya zinthu nako kumalowa m'nkhaniyi, chifukwa ndalama zobweza zaka zitatu zikubwerazo zimakhala zopepukirapo kuposa za lero. Koma zimenezi zimakuthandizani pokhapokha ngati chiwongoladzanja chili chokhazikika ndipo zimene mumapeza zikukwera limodzi ndi mitengoyo. Ngati malipiro anu aima, musadalire mfundo imeneyi.

Chotsiriza ndi kutseka ngongole nthawi isanakwane, ndipo kwa inu chikhoza kusintha chisankho chonse. Pa ngongole yowerengera pa zotsala, ndalama iliyonse yowonjezera imene mwapereka imachepetsa ngongole nthawi yomweyo, ndipo chiwongoladzanja cha miyezi yotsatira chimatsika. Ngati achitatuwa alemba m'mgwirizano kuti mungathe kuwonjezera kapena kutseka nthawi iliyonse popanda chindapusa, mungathe kusayinira miyezi 24, n'kumapereka 70,000 miyezi imene zinthu zili bwino ndi 56,913 miyezi yovuta. Mukatero mudzamaliza pafupi ndi miyezi 18, koma muli ndi popumira. Onetsetsani kuti zowonjezerazo akuzichotsa pa ngongole yeniyeni, osati kungozisunga ngati zobweza za mwezi wamawa.

Pa fulati nkhaniyi ndi yosiyana. Ena amafuna chiwongoladzanja chonse cha miyezi 12 ngakhale mutseke pa mwezi wachitatu. Ena amachotserako pogwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa lamulo la 78, dzina lochokera pa kuphatikiza manambala kuyambira 1 mpaka 12. Mwezi woyamba amauwerengera magawo 12 mwa 78 a chiwongoladzanja chonse, wachiwiri 11, n'kumatsika choncho. Mukatseka pakatha miyezi isanu ndi umodzi, amakhala atatenga kale magawo 57 mwa 78, ndiye kuti pa 240,000 ija adzakuchotserani pafupifupi 64,600 yokha, osati theka monga mmene mungayembekezere. Ndipo 50,000 imene anadula poyamba ija nthawi zambiri siibwerera.

Ndiye bambo muwaonetse 290,000 ndi 225,544 kuti aone pamene 2 peresenti yawafikitsa, ya oyamba ija muisiye. Kwa achitatu mupite ndi pempho la ndondomeko ziwiri zolembedwa, ya miyezi 18 ndi ya miyezi 24, pamodzi ndi ndime ya mgwirizano yonena za kubweza msanga ndi ya kusintha kwa chiwongoladzanja. Achiwiri nawo muwapemphe ndondomeko za nthawi zomwezo. Ngati achitatuwa akweza peresenti kapena kubweretsa zodula zina pa nthawi yaifupi, chulukitsaninso, chifukwa kusiyana kwawo ndi achiwiri pa miyezi 12 ndi pafupifupi 44,000 yokha ndipo kukhoza kutha ndi cholipira chimodzi chatsopano.